"Pepani" Yekha Sakwanira: Werengani Mawu Otsatira

Mukalandira uthenga wopepesa pa foni, musathere pa liwu loti "pepani". Mawu obwera pambuyo pake ndi amene amasonyeza ngati munthu wavomera kulakwa kapena akukankhira ena.

Tiyerekeze gulu la shitike la amayi 10. Aliyense amasonkha mametikali 500 pa mwezi, ndipo wolandira amayenera kutenga 5.000. Mwezi uno ndi inu wolandira, koma msungichuma wakupatsani 3.500 basi. Madzulo akukulemberani kuti:

"Pepani ngati mwakhumudwa. Ndalama zina zinasowa, koma nanunso mumachedwa kusonkha. Tiyeni tiiwale."

Werenganinso pang'onopang'ono, cholembera chili m'manja.

Choyamba, funsani kuti anachita ndani. Liwu loti "zinasowa" likuyamba ndi "zi-", kutanthauza ndalama. Zikumveka ngati ndalamazo zinachoka zokha m'thumba. Munthu wovomera amayamba ndi "ndi-": ndinatenga, ndinataya, ndinaiwala. Mu uthengawu mulibe "ndi-" ngakhale mmodzi.

Chachiwiri, lembani mzere pansi pa "ngati" ndi "koma". "Ngati mwakhumudwa" akutanthauza kuti vuto ndi mtima wanu, osati ndalama zoperewerazo. "Koma nanunso" akutembenuza mlandu kuti ugwere inu. Kaya munachedwadi kusonkha, imeneyo ndi nkhani ina. Kuchedwa sikusowetsa ndalama.

Chachitatu, fufuzani zimene walonjeza kuchita. Apa akungoti "tiiwale". Mukavomera, 1.500 yanu yapita.

Tsopano onani uthenga wina pa nkhani yomweyi:

"Amayi, pepani. Ndinatenga 1.500 ya gulu n'kugulira mwana mankhwala osakuuzani. Ndinalakwa. Ndibweza 750 pa 15 ndi 750 pa 30 mwezi uno, pamaso pa gulu."

Apa wolemba wadzitchula yekha katatu: ndinatenga, ndinalakwa, ndibweza. Wanena chimene anachita, kuchuluka kwa ndalama, ndi masiku obwezera. Inunso mungawerengetse: 750 kuphatikiza 750 ndi 1.500.

Mwina mukufunsa kuti, nanga za mankhwalazo si chodzikhululukira? Ayi. Kufotokoza chifukwa sikulakwa. Poyesera ndi apa: atanena chifukwacho, kodi akunenabe kuti "ndinalakwa"? Akanalemba kuti "mwana anadwala, ndiye ndikanatani?", chifukwacho chikanakhala pobisalira.

Komabe uthenga wolembedwa bwino si ndalama. Pali anthu odziwa kusanja mawu koma osabweza. Palinso ena amene kulemba kumawavuta, amangolemba "pepani" kenako n'kubwera ndi ndalama m'manja. Choncho musafufute uthengawo. Pa 15 pakafika, muone ngati 750 yabwera.

Mukalandira uthenga ngati woyamba uja, simuyenera kukalipa. Yankhani mwaulemu ndi mafunso awiri: "Zikomo amayi. Kodi ndalamazo zinasowa bwanji, ndipo mubweza liti?"