Maluwa afota, chithunzi chitsala: mgwirizano wa wamaluwa ndi wojambula

Loweruka m'mawa, alendo asanayambe kulowa m'holo, pamakhala kamphindi kamene ntchito ya wokongoletsa imaoneka monga anaiganizira. Nsalu zili mbee, mipando ili pamzere, marozi a pagome la akwati akadali ndi timadontho ta madzi amene wawawaza. Pofika nthawi ya perekaniperekani, gome lija ladzaza mabotolo a zakumwa, ana azula timaluwa ta m'mbali mwa kanjira, ndipo ngati ndi mu Okutobala, dzuwa lamaliza zotsalazo. Lolemba likamakwana, mayi wamaluwa alibe chilichonse choonetsa kasitomala wotsatira, kupatula tizithunzi tamdima ta pafoni yake.

Wojambula zithunzi naye ali ndi lake vuto. Kamera ingakhale yodula chotani, mkwatibwi akaima kutsogolo kwa khoma losapentedwa, chithunzicho sichikopa munthu. Ichi ndicho chimakumanitsa anthu awiriwa. Kasitomala wawo ndi mmodzi, tsiku lake ndi limodzi, koma salimbirana ndalama imodzi, pakuti komiti ya ukwati imalemba zokongoletsa pamzere wake ndi zithunzi pamzere wake.

Chiyambi chake sichilira ndalama zambiri. Wojambula amavomera kufika theka la ola alendo asanalowe, n'kujambula holo yopanda anthu, gome la akwati, ndi maluwa a m'manja mwa mkwatibwi chapafupi. Zithunzi khumi zosankhidwa bwino amapatsa wamaluwa pasanathe masiku atatu, nkhani ya ukwatiwo ikadali pakamwa pa anthu. Apa pali kanthu kamene ambiri amaphonya: chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwachizolowezi chimapanikizidwa n'kutaya kuwala kwake, choncho ndi bwino kuchitumiza ngati Document kuti chifike monga chinatulukira m'kamera. Wamaluwa akachiika pa Status, pomwe chimakhala maola 24 okha, kapena patsamba lake la Facebook, amatchula dzina la wojambula ndi nambala yake ya bizinesi. Pa Instagram, kuyambira 2021, pali njira yakuti chithunzi chimodzi chioneke pamasamba a anthu awiri nthawi imodzi: woikayo amasankha Invite collaborator, mnzakeyo akavomera, omutsatira a mbali zonse amachiona.

Zonsezi n'zosavuta. Pamene ubale umayamba kugwedezeka ndi pamene awiriwa aganiza zogulitsa ntchito zawo pamtengo umodzi wotsitsa.

Tiyerekeze ndi chinkhoswe cha anthu ochepa, ndipo manambalawa ndi ongofanizira. Wamaluwa payekha amalipiritsa K400,000. Mwa ndalamazi, K280,000 imathera pa maluwa, maliboni, galimoto yonyamula katundu ndi anyamata omuthandiza, motero phindu lake ndi K120,000. Wojambula amalipiritsa K300,000, koma zimene amawononga tsikulo, monga mayendedwe, womuthandiza ndi kutsukitsa zithunzi, ndi K90,000 yokha. Zonse pamodzi ndi K700,000. Awiriwa agwirizana zolengeza kuti wotenga onse awiri alipire K630,000. Funso n'lakuti K70,000 yochotsedwayo ituluka m'thumba la yani?

Ambiri amathamangira kunena kuti pakatimpakati, aliyense K35,000. Kumva kwake n'kwachilungamo. Koma wamaluwa watsala ndi K85,000 pa K120,000 ija, kutanthauza kuti wataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a phindu lake, pamene wojambula wataya limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi. Akati agawane potengera mtengo wa aliyense, zimaipiraipira, chifukwa wamaluwa ndiye amaoneka wodula, ndiye achotsa K40,000. Chinsinsi chake n'chakuti mtengo wa wamaluwa wadzaza katundu wogula ndi ndalama zapamanja, pamene wojambula amagulitsa kwambiri nthawi ndi luso. Akagawana potengera chimene aliyense amatsala nacho, wamaluwa achotsa K25,000, wojambula K45,000, ndipo aliyense wataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu.

Wojambula ali ndi poyankhira, ndipo yankho lake si lachabe. Kamera ndi kompyuta zimatha, ndipo chinkhoswe cha maola anayi chimamudyera usiku ungapo akusankha ndi kukonza zithunzi. Zimenezi n'zoyenera kuziwerengera pa zowononga zake. Koma kuti masamu otere atheke, aliyense ayenera kuonetsa mnzake zimene amawononga, ndipo amalonda ambiri angalolere kubwereka mnzawo galimoto kusiyana n'kumutsegulira kope la ndalama. N'chifukwa chake ena amasiya zotsitsa mtengo, n'kumaonjezera kanthu: wojambula apereka chithunzi chachikulu cha m'felemu, wamaluwa apereka duwa la pachifuwa cha mkwati ndi la mnzake womuperekeza. Kasitomala amaona mphatso, koma mpamba wa aliyense sukhudzidwa kwenikweni.

Mtengo wolengezedwa uyeneranso kukhala ndi tsiku lothera. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo aliyense amene anali atalandira dipoziti ya ukwati wa mu Disembala pamtengo wakale anakagula katundu wochokera kunja pamtengo watsopano. Pa awiriwa, amene chikwapu chotere chimamupweteka msanga ndi wamaluwa. Mtengo wogwira masiku 30 okha, ndi dipoziti imene aliyense amalandira mwachindunji pa Airtel Money kapena Mpamba yake, zimachotsa mkangano wina wodziwika, wa mnzako amene walandira ndalama zonse n'kuyamba wazizunguza pa bizinesi yake kaye.

Nanga chithunzicho n'cha yani? M'Malawi muno lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 2016 limatetezanso zithunzi, ndipo bungwe loona za umwiniwu ndi COSOMA. Kukhala mwini wa maluwa amene ali pachithunzi sikupatsa munthu ufulu wochigwiritsa ntchito mmene angafunire. Wamaluwa akadula dzina la wojambula pakona ya chithunzi, kapena akachisindikiza pachikwangwani cha shopu osapempha, ubale umathera pomwepo. Palinso eni mwambo. Sikuti banja lililonse limakondwa kuona mwana wawo akutsatsa malonda a eni ake. Chilolezo chipemphedwe polandira dipoziti, ndipo akakana, zithunzi za holo yopanda anthu zija zimagwirabe ntchito.

Kuti adziwe ngati mgwirizano ukubala, safunika zida zapamwamba. Aliyense amafunsa kasitomala watsopano kuti, "Mwatidziwa bwanji?" n'kulemba yankho m'kope. Pakatha miyezi itatu amakhala pansi n'kuwerenga. Kawirikawiri manambala safanana, chifukwa pali mmodzi amene akwati amayamba kumupeza. Ngati wamaluwa watumiza anthu asanu ndi atatu ndipo wojambula watumiza awiri, sizitanthauza kuti wina ndi waulesi, koma ngongoleyo iyenera kubwezedwa mwanjira ina, mwina pojambula ulere maluwa amene wamaluwa akukonzekera kugulitsa pa 14 Febuluwale kapena pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala.

Chizindikiro choipa chimabisala kwina. Kasitomala amene anatumizidwa kwa wojambula akadikira zithunzi zake miyezi inayi, saimbira wojambulayo yekha. Amaimbira mayi wamaluwa amene anamuuza kuti munthuyo ndi wodalirika, ndipo pamsonkhano wa komiti ya ukwati wa mng'ono wake, mayina onse awiri amafufutidwa pamndandanda.