Zenera Losuntha: Kupeza Chidutswa Chachitali Chopanda Chilembo Chobwerezedwa

Zenera losuntha ndi njira imene olemba mapulogalamu a kompyuta amagwiritsa ntchito pofufuza mumndandanda wa zilembo kapena manambala popanda kubwerera pachiyambi kangapo. Funso limene njirayi imadziwika nalo kwambiri ndi ili: pa zilembo zondondozana zimene zaperekedwa, chidutswa chachitali kwambiri chimene mulibe chilembo chopezeka kawiri chili ndi zilembo zingati? Pa tsamba la LeetCode, pamene ambiri amakonzekererapo mayeso olowera ntchito yolemba mapulogalamu, funsoli ndi nambala 3.

Chidutswa chonenedwa pano ndi zilembo zogundizana, zodulidwa pamalo amodzi. Nkosaloledwa kutola chilembo apa, kudumpha ziwiri, ndi kukatola china kutsogolo. M'mawu akuti "masamba", "sam" ndi chidutswa, koma "msb" si chidutswa ngakhale zilembo zonsezo zilimo.

Njira yoyamba kubwera m'mutu ndi kudula zidutswa zonse zimene zingadulike ndi kuyang'ana chilichonse payekhapayekha. Mawu a zilembo `n` amatulutsa zidutswa `n(n+1)/2`. "Masamba" ali ndi zilembo 7, choncho zidutswa zake ndi 28, zimene munthu atha kuzilemba papepala. Koma zilembo zikafika 1,000,000, zidutswa zimapitirira 500 biliyoni, ndipo ntchito yambiri imathera pa kuwerenganso zilembo zimene zawerengedwa kale.

Zenera losuntha limachotsa kubwerezako. Munthu akaika zala ziwiri pa mawu olembedwa, chimodzi kumanzere china kumanja, zilembo zokhala pakati pa zalazo, kuphatikizapo zimene zalazo zakhudza, ndizo zenera. Lamulo ndi limodzi: m'zeneramo musapezeke chilembo kawiri. Chala chakumanja chimayenda chilembo chimodzichimodzi mpaka kumapeto. Chikafika pa chilembo chimene mulibe m'zenera, zenera limakula. Chikafika pa chilembo chimene chilimo kale, chala chakumanzere chimasunthira kutsogolo mpaka kupitirira pamene panali chilembo chakalecho. Nthawi iliyonse kutalika kwa zenera kumayerekezedwa ndi kutalika kwakukulu kumene kwaonekapo, ndipo kokulirapoko ndiko kumasungidwa.

Kuti chala chakumanzere chidziwe podumphira, pulogalamu imasunga kaundula wa malo amene chilembo chilichonse chinaoneka komaliza. Malo amawerengedwa kuyambira pa 0, monga zimakhalira m'ziyankhulo zambiri zolembera mapulogalamu. Mu "masamba", m woyamba ali pa 0, a pa 1, s pa 2, a wachiwiri pa 3, m wachiwiri pa 4, b pa 5, ndipo a wotsiriza ali pa 6.

Poyamba zala zonse zili pa 0 ndipo zenera ndi "m". Chala chakumanja chikafika pa 1 ndi pa 2, palibe chobwerezedwa, zenera limakhala "mas", zilembo 3. Pa 3 pabwera a, ndipo kaundula akuonetsa kuti a anaoneka pa 1, mkati mwa zenera. Chala chakumanzere chimadumphira pa 2, kusiya m ndi a kumbuyo nthawi imodzi, zenera n'kutsala "sa". M'kaundula, malo a a amasinthidwa kukhala 3.

Pa 4 ndi pamene pamafunika maso. Pabwera m, ndipo m ali kale m'kaundula, wolembedwa pa 0. Koma zenera tsopano likuyambira pa 2, kutanthauza kuti m wakale uja anatsala kunja. Palibe chifukwa chosunthira chala chakumanzere, ndipo zenera limakula kukhala "sam". Pa 5 palowa b, zenera n'kukhala "samb", zilembo 4, kutalika kumene kunali kusanafikidwepo. Pa 6 a wabweranso, ndipo poti a wa pa 3 ali m'zenera, chala chakumanzere chimadumphira pa 4, n'kutsala "mba". Mawu athera pomwepo, yankho ndi 4.

M'chiyankhulo cha Python zonsezi zimalembedwa motere:

```python
def chachitali(mawu):
    kaundula = {}
    manzere = 0
    kutalika = 0
    for manja, chilembo in enumerate(mawu):
        if chilembo in kaundula and kaundula[chilembo] >= manzere:
            manzere = kaundula[chilembo] + 1
        kaundula[chilembo] = manja
        kutalika = max(kutalika, manja - manzere + 1)
    return kutalika
```

Kutalika kwa zenera ndi `manja - manzere + 1`. Mmodzi wowonjezerayo alipo chifukwa zilembo za m'mphepete zonse ziwiri zimawerengedwa: zenera loyambira pa 2 kufika pa 5 lili ndi zilembo 4, osati 3. Woiwala kuwonjezera mmodziyo amazindikira msanga, popeza mayankho ake onse amapelewera ndi chilembo chimodzi.

Cholakwika chobisika chili pa `kaundula[chilembo] >= manzere`. Kaundula saiwala zilembo zimene zatuluka m'zenera, choncho kupezeka kwa chilembo m'kaundula sikutanthauza kuti chili m'zenera. Mawu amenewo akachotsedwa, pulogalamu ikafika pa m wachiwiri wa "masamba" imaona 0 m'kaundula ndi kubweza chala chakumanzere kuchoka pa 2 kupita pa 1. Zenera limakhala "asam", kenako "asamb", ndipo pulogalamu imapereka 5 mosadandaula, chonsecho a ali m'menemo kawiri. Choopsa chake n'chakuti pulogalamu yolakwikayi imakhoza pa mawu ambiri. Pa "kalulu" imapereka 4, pa "anamwino" imapereka 6, ndipo onsewa ndi mayankho olondola. Imagwa pokhapokha chilembo chikabwerezedwa mkati mwa zilembo zina ziwiri zofanana, monga a awiri a mu "masamba" okhala pakati pa m awiri. N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi amayesa pulogalamu yawo ndi `abba`: yolondola imapereka 2, yolakwika imapereka 3. Njira ina yogwirira cholakwikachi ndi kulemba pa sikirini nambala ya `manzere` pa sitepe iliyonse. Nambalayo ikatsika ngakhale kamodzi, pulogalamu yasokonekera.

Funso loyenera kufunsa n'lakuti, kodi kusabwerera m'mbuyoku sikuchititsa kuti chidutswa china chachitali chiphonyedwe? Yankho lili pa chikhalidwe cha kubwereza kwenikweniko. Chidutswa chikakhala ndi chilembo kawiri, kuchitalikitsa sikungachotse vutolo. "Masa" ali ndi a awiri, ndipo "masam", "masamb" ndi "masamba" onse adzakhala nawo. Chimodzimodzinso "asa" ndi zonse zoyambira pamenepo. Kotero chala chakumanja chikafika pa 3, chidutswa chilichonse choyambira pa 0 kapena pa 1 chafika pamapeto pake, ndipo kutalika kwake kunawerengedwa kale. Zimene chala chakumanzere chimasiya kumbuyo zilibenso mwayi wopambana. Pa malo alionse amene chala chakumanja chaima, zenera limakhala chidutswa chachitali kwambiri chovomerezeka chothera pamalopo, ndipo poti chidutswa chopambana chiyenera kuthera penapake, sichingadutse osaonedwa.

Phindu lake limaoneka pa kuchuluka kwa ntchito. Chala chakumanja chimakhudza chilembo chilichonse kamodzi, ndipo kufunsa kaundula kumatenga nthawi pafupifupi yofanana kaya mawu ndi aafupi kapena aatali. Zilembo 1,000,000 zimafuna masitepe 1,000,000. Akatswiri amalemba zimenezi ngati `O(n)`, kutanthauza kuti zilembo zikachuluka kawiri, ntchito nayo imachuluka kawiri basi. Kaundula sakula mopitirira mitundu ya zilembo imene ilipo: 26 ngati ndi zilembo zazing'ono za a mpaka z, kapena 128 ngati ndi zizindikiro zonse za ASCII. Yankho nalonso silingapose nambala imeneyo, chifukwa zilembo 27 zotengedwa pa mitundu 26 sizingalephere kubwereza chimodzi.

Mfundo yomalizayi imachepetsako kudzitama kwa njirayi. Pulogalamu yoyambira pa chilembo chilichonse n'kusiya pamene yakumana ndi chobwerezedwa siyendera zidutswa mabiliyoni aja. Pa mitundu 26 imayenda masitepe osapitirira 27 pa chiyambi chilichonse. Zenera losuntha limaiposabe, koma kusiyana kwake kumakula kwenikweni pamene mitundu ya zinthu ndi yambirimbiri, monga pofufuza mumndandanda wa manambala a makasitomala m'malo mwa zilembo.

Pali kalembedwe kena kamene m'malo mwa kaundula wa malo kamasunga gulu la zilembo zimene zili m'zenera panthawiyo, lomwe mu Python limatchedwa `set`. Chobwerezedwa chikabwera, chala chakumanzere chimayenda pang'onopang'ono, kuchotsa zilembo m'gululo chimodzichimodzi mpaka chobwerezedwacho chitatuluka. Chilembo chilichonse chimalowa kamodzi ndi kutuluka kamodzi, choncho masitepe sapitirira `2n`. Kalembedwe aka n'kochedwerapo pang'ono, koma msampha wa `abba` mulibe, ndipo kwa wophunzira ndi poyambira pabwino.

Pulogalamu isanalembedwe pafunikanso kugwirizana kuti chilembo n'chiyani, chifukwa kompyuta siona monga munthu aonera. Kwa iyo L ndi l ndi zizindikiro ziwiri zosiyana. "Lilongwe" wolembedwa ndi L wamkulu amapereka 8, dzina lonse lathunthu, pamene `lilongwe` amapereka 7, kuchokera pa "ilongwe". Ngati zazikulu ndi zazing'ono ziyenera kutengedwa ngati chimodzi, mawu amayamba adutsa mu `mawu.lower()`. Mpata wa pakati pa mawu ndi mpumiro nazonso zimawerengedwa ngati zilembo zikapanda kuchotsedwa. Chilembo ŵ chili ndi vuto lakelake: mu Unicode chitha kusungidwa ngati chizindikiro chimodzi, kapena ngati ziwiri, w ndi kachipewa kake padera. Pa sikirini zimaoneka chimodzimodzi, koma "Malaŵi" amapereka 4 m'kasungidwe koyamba ndi 5 m'kachiwiri. `unicodedata.normalize("NFC", mawu)` imaphatikiza ziwirizo kukhala chimodzi kuwerenga kusanayambe.

Malire a njirayi ali pomwe pali mphamvu yake. Zenera limagwira ntchito pokhapokha lamulo likakhala loti chidutswa cholakwa chimakhalabe cholakwa chikatalikitsidwa. Funso lofuna chidutswa chachitali chokhala ndi mitundu ya zilembo yosapitirira iwiri limatsata lamulo lomweli, ndipo chongosintha n'chakuti kaundula amasunga kuti chilembo chilichonse chili kangati m'zenera. Koma pofuna chidutswa chachitali cha manambala amene akaphatikizidwa sapitirira 10, zenera limakhoza ngati mulibe manambala ochepera 0. Mumndandanda wa 8, 5, -6, manambala awiri oyamba akupanga 13, ndipo zenera lingataye 8 pomwepo n'kupereka 2. Chonsecho atatu onse pamodzi akupanga 7, ndipo yankho lolondola ndi 3.