Chimene Chimachedwetsa a Mwale Pakhomo la Msonkhano

Tiyerekeze msonkhano wa anthu 300 mu holo ina ku Lilongwe. Pulogalamu ikuti uyamba 9 koloko, ndipo ambiri afika m'mphindi 30 zomaliza. Ndiye kuti pakhomo pakufika anthu 10 pa mphindi iliyonse.

Okonza ayika matebulo awiri, pomwe aliyense akulemba dzina, komwe wachokera ndi nambala ya foni, kenako n'kusaina. Zonsezi zimadya pafupifupi mphindi imodzi. Pa mphindi iliyonse akulowa awiri, 8 akutsala panja. Pofika 9 koloko, anthu 240 akali padzuwa, mlendo wolemekezeka akuyang'ana mipando yopanda anthu.

Chofunika n'kuchepetsa ntchito ya patebulo. Mayina akasindikizidwa kale, kalaliki amangochonga, ndipo munthu amadutsa m'masekondi 20. Tebulo limodzi limatha anthu atatu pa mphindi, matebulo anayi anthu 12. Awiri owonjezerawo ndi ofunika kwambiri, chifukwa anthu safika mmodzimmodzi: basi ikaima pageti imatsitsa gulu lonse nthawi imodzi. Agner Erlang, katswiri wa masamu wa ku Denmark amene anafufuza za kuchulukana kwa mafoni mu 1909, ndiye anayambitsa masamu osonyeza kuti malo othandizira anthu akamagwira ntchito mopanda mpata wopumira, mzere umatalika msanga. Pepala losaina lija lingathe kuzungulira anthu atakhala kale pansi.

Pa mabaji m'pamene ambiri amapunthwa. Amagawa zilembo mofanana, A mpaka F, G mpaka L, choncho mpaka Z, ngati kuti mayina a kuno amagwa mofanana. Koma a Mwale, a Mbewe, a Msiska ndi a Moyo onse amaunjikana pa M, pamene wa tebulo lomaliza akuodzera kudikira a Zimba. Njira yabwino n'kuwerenga mndandanda weniweniwo n'kuudula panayi, tebulo lililonse mayina pafupifupi 75, ngakhale chilembo M chitagawidwa pawiri. Zikwangwani zake zipachikidwe pamwamba pa mitu, poti zomata patebulo zimabisika ndi misana ya anthu. Baji iperekedwe ndi yemwe wachonga dzina, kuti pasabadwe mzere wachiwiri.

Nanga amene dzina lake silikupezeka? Ameneyu asaimitse anzake. Kalaliki angoti, "Pepani bambo, akuthandizani apo," n'kuwalozera tebulo lachisanu lapambali, lokhala ndi mabaji osalemba ndi cholembera.

Matebulo asatsamire chitseko. Munthu akalandira baji amaima kuti aikoleke m'khosi, apatse moni mnzake wakale, ndipo akachitira zimenezi pakhomo penipeni njira yatsekeka. Pasiyidwe danga la mamita angapo. M'katimo othandiza kukhazika anthu ayambe kudzaza kutsogolo ndi pakati pa mizere, chifukwa ofika msanga amakonda mipando yakumbuyo ndi yam'mphepete, ndipo obwera pambuyo amaima m'kanjira kudikira kuti wina apinde miyendo.