Ntchito yoyamba ndi "tumizani ndalama"

Amayi, ngati muli ndi mwana amene anakhoza MSCE koma akungokhala pakhomo, mukudziwa mmene mtima umadumphira mukamva zoti kwinakwake akulemba ntchito. Akathyali nawonso amadziwa zimenezi, ndipo msampha wawo amautchera pomwepo.

Tiyerekeze kuti pa gulu la WhatsApp la kumphakati kwanu pafika uthenga wakuti chipatala china cha mishoni chikufuna anthu 40 othandiza m'mawodi. Chikalatacho chili ndi chizindikiro cha chipatalacho, malipiro ake ndi okopa, ndipo tsiku lotseka ndi mawa. Mwana wanu watumiza zithunzi za satifiketi ndi chiphaso chaunzika pa nambala imene yalembedwayo. Madzulo omwewo yankho labwera loti wasankhidwa, koma atumize K5,000 yolembetsera kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba.

Ndalama yoyambayi amaichepetsa dala, kuti munene kuti ngakhale itapita si yodandaulitsa. Chimene simukuona n'chakuti aliyense amene anatumiza mapepala wauzidwa kuti wasankhidwa. Anthu 300 akatumiza K5,000 aliyense, wakubayo wapeza K1,500,000 asanadzuke pampando.

Pakapita masiku awiri akuimbirani, mwaulemu ndithu, kuti pakufunika K20,000 yoyezetsa m'thupi. Kenako K35,000 ya yunifolomu ndi malo ogona pa nthawi ya maphunziro. Apa m'pamene ambiri amakodwa zenizeni, chifukwa amaganiza kuti akasiya tsopano ataya zimene apereka kale. Mayi amakatenga ngongole ku banki m'khonde, kapena kugulitsa thumba la chimanga. Mukanena kuti mukufuna mufike kaye ku ofesi, amayankha kuti abwana ali ku msonkhano, ndipo mukachedwa malowo apatsa wina. Zikafika pa K60,000, foni ija siipezekanso. Ndalamayo amakhala ataitapa kale kwa ejenti, ndipo nthawi zambiri simukhadi imakhala yolembetsedwa ndi chiphaso cha munthu wina amene sakudziwa n'komwe.

Chizindikiro chachikulu chili pa foni yanu yomwe. Mukamatumiza ndalama, dzina la mwini nambalayo limaoneka, kaya musanatsimikize kapena mu uthenga wobwera pambuyo pake. Likakhala dzina la munthu wamba pamene chikalata chikunena za chipatala, imani pomwepo. Onaninso imelo: bungwe lalikulu lolandira makalata pa adiresi yothera ndi @gmail.com n'lofunika kulikayikira. Chizindikiro cha chipatala ndi chidindo zisakunyengeni, poti mwana aliyense wodziwa foni angathe kuzikopera. Komanso palibe wolemba ntchito weniweni amene amasankha munthu tsiku lomwelo asanamuone nkhope kapena kumufunsa mafunso.

N'zoona kuti kufunafuna ntchito kumadya ndalama. Pali fotokope, thiransipoti, ndipo malo ena amafuna kalata ya kupolisi kapena ya dokotala. Kusiyana kwake n'kwakuti ndalama zimenezi mumakalipira nokha ku ofesi yopereka kalatayo n'kulandira lisiti. Sizidutsa m'foni ya amene akuti akulembani ntchito.

Pofuna kutsimikiza, musaimbe nambala ya pachikalatacho, chifukwa woyankha ndi wakuba yemweyo. Pitani kuchipatalako mukafunse ku ofesi ya oyendetsa chipatala, kapena pemphani abambo mfumu kapena asisitere kuti akufunsireni. Ngati ntchitoyo akuti ndi ya boma, kafunseni ku ofesi ya DC. Ulendo wa minibasi ndi wotsika mtengo kuposa K60,000.

Palinso ena amene sabisa n'komwe. Amati "ndili mkati, mundipatse kangachepe dzina la mwana wanu lilowe". Awa amadalira manyazi anu, podziwa kuti munthu amene wapereka chiphuphu savutika kukadandaula kupolisi. Ndipo ntchito ikakhala ya kunja, zotayika zimaposa ndalama: atsikana ena a ku Malawi amene analonjezedwa ntchito zabwino ku Oman anakapezeka akugwira ukapolo m'nyumba za anthu, mapasipoti atalandidwa.

Ngati mwatumiza kale, musafufute uthenga uliwonse, makamaka uja wokhala ndi nambala yotsimikizira kuti ndalama yapita. Imbirani kampani ya foni nthawi yomweyo, chifukwa ndalama ikakhala isanatapidwe mwayi umakhalapo, kenako kaneneni kupolisi. Auzeninso apolisi kuti mbavazo zili ndi chithunzi cha chiphaso cha mwana wanu, popeza zingathe kuchigwiritsa ntchito pobera ena.

Pomaliza bwererani pa gulu la WhatsApp lija mukachenjeze anzanu. Uthengawo unakhulupirika chifukwa anautumiza ndi mayi mnzanu amene mumapemphera naye, yemwenso anangoulandira kwa wina, ndipo mwina pofika pano wafika kale ku maparishi atatu.