Dzina likhale, mutu uziyenda

Pakhoma la holo ina pa boma la kwathu pali chinsalu chimene chakhala chopindidwa pakona kwa zaka zitatu tsopano. Nsalu yake ndi yolimba, utoto sunasuluke, ndipo mmisiri wolemba zikwangwani analipidwa ndalama zooneka. Vuto lake ndi mawu amene analembapo. Alimi a m'makalabu a dera lathu atagwirizana zoti azikumana chaka chilichonse akamaliza kukolola, chaka choyambacho nkhani inali ya manyowa, ndiye komiti inangotcha msonkhanowo dzina la manyowa. Chaka chotsatira mbozi zinavuta m'chimanga, aliyense nkumafuna kukamba za mbozi. Kalata zoitanira anthu zitatuluka ndi dzina latsopano, ena anayesa kuti ndi bungwe lina labwera, ndipo mayi wina anafunsa mlembi kuti, "Nanga uja wa manyowa munausiya, achimwene?" Ine ndinali m'komitimo, choncho mlanduwu sindikuloza nawo munthu chala.

Chimene tinasokoneza ndi zinthu ziwiri zosiyana ntchito. Dzina la msonkhano limanena amene akukumana ndi chimene chimawasonkhanitsa. Mutu umanena chimene chawavuta kapena chawasangalatsa chaka chimenecho. Dzina lili ngati mfunda: Phiri ndi Phiri, kaya chaka cha njala kaya cha mwanaalirenji. Mutu ndiye chitenje cha pamwambo, chaka chino china, chaka chamawa china.

Taonani momwe amachitira a SADC. Mu Ogasiti 2013 atsogoleri a mayiko a m'bungweli anakumana ku Lilongwe, ndipo unali msonkhano wa nambala 33. Nkhani yaikulu inali ulimi. Mu Ogasiti 2021 anabweranso mumzinda womwewo pa msonkhano wa nambala 41, mutu wake uli wolimbitsa ntchito zopanga katundu pakati pa mliri wa Kolona. Mutu wa 2021 unali wautali moti owerenga nkhani pa wailesi amachita kupumira panjira, koma palibe anasochera nawo, chifukwa dzina limene anthu amatchula linali lomwe lija la kale: msonkhano wa atsogoleri a SADC. Mutu utalike bwanji, umatha ndi chaka chake. Dzina ndilo liyenera kukhala lalifupi, lokwana pakamwa pa munthu wofunsa njira kwa wakabaza.

Pali kanthu kena pa nambalazi. Bungweli linayamba ku Lusaka mu 1980 ndi dzina la SADCC, ndipo linasanduka SADC ku Windhoek mu 1992. Kuchokera mu 1992 kufika 2013 ndi zaka 21 zokha, pamene msonkhano wa ku Lilongwe unali wa 33. Apa mukuona kuti dzina litasintha sanayambirenso kuwerenga. Anapitiriza pamene analekezera. Ngati tsiku lina mudzakakamizika kusintha dzina la msonkhano wanu, nambala musaitaye. Ndiyo imauza mlendo kuti anthu awa sanayambe dzulo.

Tsono dzina labwino mungalidziwe bwanji? Ine ndimaliyesa ndi funso limodzi: kodi mawu aliwonse amene ali m'dzinamo adzakhala adakali oona zaka khumi zikubwerazi? Yesani pa nkhani yathu ija. Mawu oti manyowa akugwa msanga, poti ndi nkhani ya chaka chimodzi. Dzina la holo kapena la tauni nalonso ndi lokayikitsa, chifukwa tsiku limene denga lidzasasuke ndi mphepo mudzasamukira kwina. Dzina la bungwe limene lakulipirirani chakudya ndi mayendedwe ndiye loopsa kwambiri: pulojekiti ikatha, eni ake amanyamula dzina lawo, inu nkutsala ndi msonkhano wopanda poutchulira. Wothandiza muthokozeni pansi pa chikwangwani, pamene pamasintha chaka ndi chaka. Chotsala chikakhala "alimi" ndi dera lawo, ndiye kuti mwapeza dzina, ngakhale limveke lozizira. Kuzizirako si vuto. Mchere uli m'mutu.

Za malo, misonkhano ya mayiko yokambirana za kusintha kwa nyengo, imene imatchedwa COP, ili ndi phunziro looneka ndi maso. Woyamba unachitikira ku Berlin mu 1995. Wa nambala 25, mu 2019, unakonzedwa kuti ukachitikire ku Chile, koma kutatsala milungu yochepa unasamukira ku Madrid chifukwa cha zipolowe. Dzina loti COP25 silinagwedezeke, popeza munalibe mzinda m'katimo. Wotsatira wake unayenera kuchitika mu 2020 ku Glasgow, mliri nkuulepheretsa, ndipo unachitika mu 2021 uli COP26 yemweyo.

Apa ndi pamene komiti iyenera kusankha pakati pa nambala ndi chaka, ndipo ine ndimakondera nambala. Chaka chimathandiza pofufuza mafayilo, inde, koma chimanama msonkhano ukalephereka. Masewera a Olimpiki a ku Tokyo anachitika mu 2021 koma mpaka lero amatchedwa a 2020, ndipo wolemba mbiri aliyense amayenera kuima kaye nkufotokoza. Nambala siwerenga zaka, imawerenga maulendo amene anthu anakhaladi pansi. Nayonso ili ndi msampha wake. Mukayamba mu 2016 osadumphitsa chaka, msonkhano wa nambala 10 umagwa mu 2025, pamene zaka khumi zenizeni zimakwana mu 2026, pa msonkhano wa nambala 11. Ndaonapo anthu akusindikiza matisheti okondwerera zaka khumi kutatsala chaka chathunthu. Ndipo chaka chimene simunakumane musachipatse nambala, ngakhale zikuwawa. Mlembi asunge tsamba limodzi kumayambiriro kwa buku la maminitsi: nambala, chaka, malo, mutu. Mizere inayi basi, koma makomiti akamasinthana ndi tsamba limeneli limaletsa mikangano.

Mutu wokha uli ndi ufulu wambiri, koma usamachite kuphimba dzina. Mudzadziwa kuti zalakwika mukamva anthu akuitchula misonkhano yanu ndi mitu yokha, kapena mukaona kuti pachikwangwani zilembo za mutu ndi zazikulu kuposa za dzina. Malisiti, akaunti ya ku banki, chidindo ndi masatifiketi a otenga mbali zonse zinyamule dzina lokhazikika. Mphunzitsi amene wasonkhanitsa masatifiketi asanu a dzina limodzi amaoneka kuti wakhala akukula mu ntchito imodzi. Wa mapepala asanu a mayina osiyana amaoneka ngati wongoyendera maalawansi. Mutu womwe uyeneranso kukhala ndi mano. Ngati mungauchotse pa msonkhano wa alimi nkukaupachika pa wa anamwino popanda wodabwa, monga mitu ija yongoti tigwirane manja pa chitukuko, sunanene kanthu. "Mbozi tizipeze zisanalowe mu mtima wa chimanga" ndi mutu umene umauza wokonza pulogalamu munthu woti amuitane ndi woti amusiye.

Ife tinabwereranso kwa mmisiri uja chaka chachitatu. Anamvetsera nkhani yonse, kenaka anati, "Bambo, mukanandifunsa poyamba paja." Analemba dzina la msonkhano ndi utoto wa mafuta pamwamba pa nsalu yatsopano, nasiya malo pafupifupi theka la mita m'munsi. Telala wa pamsika anasokerera timabatani m'mbali mwa malowo, nadula kansalu kopingasa kolembapo nambala, chaka ndi mutu. Kansalu ka mbozi tinakamasula, kali m'kabati ya mlembi pamodzi ndi buku la maminitsi. Ka chaka chino kakunena za kusunga chimanga kuti anankafumbwe asachiyambe, ndipo mtengo wake sunafike ngakhale pa wa nkhuku imodzi.