Sensa ya pachitseko: nkhani yagona pa batire

Sensa ya pachitseko ili ndi zidutswa ziwiri. China chimamatidwa pafelemu, ndipo chinacho, chomwe ndi maginito chabe, chimakhala pachitseko penipeni. Chitseko chikatseguka maginito amatalikira, kaswichi ka mkati kamamva, uthenga n'kupita pafoni. Kumvako sikudya moto. Chimene chimamaliza batire ndi kutumiza uthengawo, ndipo apa ndi pamene mitundu itatuyi imasiyanirana.

Ya Wi-Fi imakopa chifukwa siifuna china chowonjezera ngati muli kale ndi rauta. Koma kuti isunge moto imagona, ndiye chitseko chikatseguka iyenera kudzuka, kusaka rauta, kulumikizana nayo, kenaka n'kutumiza. Apa pamapita masekondi angapo ndi moto wochuluka. N'chifukwa chake zambiri zimadza ndi mabatire awiri a AAA, komabe pachitseko cha kukhitchini, chomwe ana amalowa n'kutuluka tsiku lonse, mabatirewo amatha m'miyezi yowerengeka. Dziwaninso kuti zambiri zimagwira pa 2.4 GHz pokha; foni ikakhala pa 5 GHz polumikiza koyamba, kawirikawiri zimakanika.

Ya Zigbee siyambiranso malonje ikadzuka. Imadziwana kale ndi kabokosi kake kotchedwa habu, choncho imangoponya kauthenga kakafupi n'kugonanso sekondi isanathe. Kabatire kaphwatalala kangati ndalama yachitsulo, CR2032 kapena CR1632, kamafika chaka, mwinanso ziwiri. Habuyo ndiye muyenera kugula padera, ndipo musaisanjike pamwamba pa rauta. Zonse zimalankhulira pa 2.4 GHz, zimasokonezana. Zitalikirane mita imodzi kapena kuposa.

Ya Bluetooth nayo imasunga batire, koma m'nyumba ya njerwa mphamvu yake imathera pa mamita khumi kapena kuchepera. Popanda habu yakeyake imangouza foni yomwe ili pafupi. Mukakhala kumsika simumva kanthu.

Titenge nyumba ya zipinda zitatu yokhala ndi khomo lakumaso, lakuseri ndi la mosungira katundu. Habu ya Zigbee ikhale m'kolido, pakati pa nyumba, ndipo masensa atatuwo aifika bwinobwino. Musayembekeze kuti sensa ina ipatsira inzake uthenga. Za mabatire sizichita zimenezo. Ngati ya kuseri ikumasowa pafoni pamene batire ndi latsopano, vuto ndi mtunda kapena chitseko chachitsulo, ndipo kapulagi ka Zigbee ka pakhoma, koikidwa pakati, kamalumikiza njirayo. Ikamanena kuti chitseko n'chotseguka chili chotseka, maginito atalikira: mpata usapitirire sentimita imodzi.

Magetsi a ESCOM akazima, masensa amakhalabe amoyo koma rauta ndi habu zimafa, ndipo uthenga supita kulikonse. Muziikire kabatire kosungira moto musanagule sensa yachinayi. Pa khomo limodzi losatsegulidwa kawirikawiri, Wi-Fi ndi yokwanira. Makomo akafika atatu, gulani Zigbee.