Foni ya 5G: kodi ndalama yowonjezerayo ikugula chiyani?

M'masitolo a mafoni masiku ano si zachilendo kupeza mafoni awiri a dzina limodzi, ofanana ngati mapasa, koma mitengo yosiyana. Mukafunsa, wogulitsa amakulozerani pa bokosi: "Iyi ndi ya 5G, bwana, yothamanga." Samsung Galaxy A15, mwachitsanzo, inatuluka mitundu iwiri, ya 4G ndi ya 5G. Wogulitsayo sakunama. Chomwe sanena n'chakuti liwirolo silikhala m'foni mokha. Limadaliranso nsanja ya netiweki yomwe ili pafupi ndi kwanu, ndipo nsanjayo simugula pamodzi ndi foni.

Netiweki ya 4G inayamba kugwira ntchito mu Disembala 2009 m'mizinda ya Stockholm ndi Oslo, ndipo ndi yomwe inachititsa kuti kuonera kanema pa foni kukhale chinthu wamba. Ya 5G inafalikira koyamba ku South Korea mu 2019. Ku Joni, Vodacom ndi MTN anaiyatsa mu 2020. Econet ku Zimbabwe ndi MTN ku Zambia anatsatira mu 2022. Kuno kwathu TNM inayamba kuiyesa mu 2023 m'malo ochepa ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Kulikonse nkhani imayamba chimodzimodzi: nsanja zoyamba amazimanga pakati pa tauni, pomwe pali maofesi ndi anthu a ndalama, kenako n'kumafutukula pang'onopang'ono.

Pali chifukwa chomwe kufutukulako kumachedwera. Liwiro lalikulu la 5G limabwera pa mafunde a wailesi a m'ma 3.5 GHz, pomwe 4G m'madera ambiri imayenda pa mafunde otsika monga 800 MHz ndi 1800 MHz. Mafunde otsika amafika kutali ndipo amalowa m'nyumba mosavuta. Okwerawa ali ndi malo onyamulira zambiri, koma amatopa msanga, ndipo khoma la njerwa kapena denga la malata limawafooketsa. Ndiye kuti kampani imafunika nsanja zambiri zothithikana kuti ifikire dera lomwe 4G imafikira ndi nsanja zochepa. Nsanja iliyonse ikufuna magetsi, jenereta kapena sola, komanso chingwe chabwino choilumikiza ku netiweki yonse. N'chifukwa chake mutha kuona 5G pa foni muli pa msewu, n'kulowa m'nyumba, n'kupeza yabwerera ku 4G.

Tiyerekeze kuti 5G ikufika bwino pomwe muli. Tiwerenge pang'ono. Fayilo ya 1 GB ili ndi mamegabiti pafupifupi 8,000. Pa 4G yoyenda bwino, tinene 20 Mbps, kuikopera kumatenga masekondi 400, kutanthauza mphindi zosakwana 7. Pa 5G ya 200 Mbps, fayilo yomweyo imafika m'masekondi 40. Kusiyana kwake n'koonekeratu, ndipo munthu wojambula maukwati yemwe amatumiza makanema akuluakulu tsiku ndi tsiku angakusangalalireni. Koma ambirife ntchito yathu pa foni ndi WhatsApp, Facebook, TikTok, kutumiza ndalama ndi kuonera mpira. Kanema wa YouTube wooneka bwino, wa 720p, amafuna pafupifupi 2.5 Mbps, wa 1080p amafuna 5 Mbps. Zonsezi 4G imazikwanitsa ikadali ndi mphamvu yotsala. Uthenga wa mawu kapena chithunzi cha mwana wanu sizifika msanga moti n'kuzindikira.

Apa ndi pomwe pali msampha wa bandulo. 5G ili ngati mpopi wotulutsa madzi mwamphamvu, koma bandulo yanu ndi thanki yomwe ija. Fayilo ya 1 GB imadya 1 GB pa netiweki iliyonse. Vuto n'lakuti mapulogalamu a makanema akaona liwiro lalikulu amadzisankhira okha chithunzi chowala kwambiri. Ola limodzi la kanema wa 720p limadya 1 GB ndi kakusefukira, pomwe ola la 1080p limadya yopitirira 2 GB. Mwaonera sewero lomwelo, pa galasi laling'ono lomwelo, koma bandulo yatha kawiri msanga. Ngakhale kungoyeza liwiro ndi pulogalamu ya Speedtest, komwe ambiri amachita ponyadira foni yatsopano, kungathe kudya ma MB mazana angapo pa 5G m'mphindi imodzi. Mankhwala ake ndi kulowa m'pulogalamuyo n'kuchotsa `Auto`, n'kusankha nokha 480p kapena 720p.

Palinso zina zomwe 5G siichiza. Intaneti ya ku Malawi imadutsa m'zingwe zopita ku nyanja kudzera ku Mozambique ndi ku Tanzania. Mu Meyi 2024, zingwe za pansi pa nyanja za EASSy ndi SEACOM zitaduka, intaneti inafooka m'maiko angapo a chigawo chino, kuphatikizapo Malawi, ndipo mtundu wa foni sunapulumutse aliyense. Kuimba foni nakonso sikusintha: 5G yambiri lero inamangidwa pamwamba pa 4G, moti mawu anu amadutsabe pa netiweki yakale. Ndipo foni yomwe ili m'mphepete mwa dera la 5G, yomwe ikungosinthasintha netiweki, imatentha ndi kudya batire. Kwa ife ozolowera kuzimazima kwa magetsi, imeneyi si nkhani yaing'ono.

Amene aganiza zogula ayenera kusamala ndi zinthu ziwiri. Choyamba, mafoni ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera kunja si onse omwe amamva mafunde a kuno. Foni yopangidwira msika wa ku America ikhoza kulembedwa 5G koma osagwirizana ndi nsanja za kampani yanu. Funsani kampaniyo mafunde omwe ikugwiritsa ntchito, kenako muyang'ane pa mndandanda wa foniyo, a 3.5 GHz amalembedwa `n78`. Musanalipire, ikanimo simu khadi yanu, mulowe pa `Settings`, mupeze `Network mode` kapena `Preferred network type`, muone ngati 5G ikuonekapo. Chachiwiri, dzina la Wi-Fi lothera ndi `5G` pa rauta ya ku ofesi nthawi zambiri limatanthauza 5 GHz, chinthu china kotheratu. Ambiri amanyengeka nazo.

Nanga yemwe angapindule ndani? Ine ndinganene kuti ndi munthu wofuna rauta ya pa nyumba kapena pa bizinesi, m'dera lomwe 5G yafika koma chingwe cha intaneti sichinafike. Rautayo mumaiika pa windo loyang'ana ku nsanja, siisuntha, siidalira batire ya foni, ndipo anthu khumi angalumikizepo nthawi imodzi. Winanso ndi wogula foni yapamwamba yoti akhale nayo zaka zinayi kapena zisanu. Koma ameneyu alibe chosankha chenicheni, poti ma iPhone kuyambira pa iPhone 12 ya mu 2020, ndi mafoni ena ambiri odula, amabwera ndi 5G kale.

Funso lenileni lili pa mafoni otsika mtengo ndi apakatikati, pomwe kwacha iliyonse ikupita ku chinthu chimodzi n'kusiya china. Pamenepa ndalama yowonjezerayo ingakugulireni foni ya 4G ya malo osungira zinthu a 128 GB m'malo mwa 64 GB, kapena yokhala ndi RAM yokulirapo kuti isamaime mukatsegula mapulogalamu atatu, zinthu zomwe muzizimva tsiku lililonse, kaya muli ku Limbe kaya kumudzi ku Ntchisi. Musanatulutse ndalama, bwerekani foni ya 5G ya mnzanu, muikemo simu khadi yanu, muyese m'nyumba mwanu ndi kuntchito kwanu, makamaka madzulo anthu akachuluka pa netiweki. Ngati chizindikiro cha 5G sichikuoneka m'malo awiriwa, gulani ya 4G yabwino, ndalama yotsalayo muikire bandulo.